Umboni wa Mizere Itatu: Matirikisi Obwezereka Salola Ziro

Matirikisi ndi manambala oyalidwa m'mizere, ndipo ntchito yake ndi kusandutsa vekita, yomwe ndi kamndandanda ka manambala, kukhala vekita ina. Tengani matirikisi a mizere iwiri, (2, 1) pamwamba ndi (1, 2) pansi. Mukawapatsa vekita (1, 1) amatulutsa (3, 3), vekita yomwe ija koma yochulukitsidwa katatu. Nambala 3 imeneyi ndiyo akatswiri a masamu amaitcha aigenivaliyu, ndipo amalemba kuti Av = λv. Pali lamulo limodzi lokhwima: vekita v isakhale ya maziro okhaokha.

Matirikisi A timati ndi obwezereka ngati pali anzake, A⁻¹, amene amabweza vekita iliyonse mmene inalili A asanaisinthe. Tsono funso nali: kodi matirikisi otere angakhale ndi aigenivaliyu ya ziro?

Umboni wake umayamba ndi kuvomera dala zomwe tikufuna kutsutsa. Tinene kuti λ ndi ziro. Ndiye kuti pali v yosakhala ziro imene ikupereka Av = 0. Kenaka tichulukitse mbali zonse ziwiri ndi A⁻¹, kumanzere. Mbali yoyamba, A⁻¹ afufuta zomwe A anachita, patsala v yokha. Mbali inayo, matirikisi alionse akapatsidwa ziro amatulutsa ziro. Choncho v = 0. Koma paja tinagwirizana kuti v si ziro! Zatsutsana, ndiye kuti zomwe tinavomera zija n'zosatheka.

Ine chimene chimandikoka mtima pa umboniwu n'chakuti mfundo ziwiri tinapatsidwazo zagwira ntchito kamodzikamodzi, palibe yangokhala. Kubwezereka kwatipatsa A⁻¹, ndipo lamulo la v ndilo latseka mlandu. Wophunzira akaiwala kulemba kuti v si ziro, umboni wake wagwa, chifukwa A0 = 0 n'zoona pa matirikisi alionse ndipo palibe chotsutsana. Ena amayesa kugawa mbali zonse ndi v, koma vekita sagawira. Enanso amaika A⁻¹ kumanja kwa v, kumene sangakumane ndi A.

Tionenso matirikisi amene ali nayo ziroyo: (1, 2) pamwamba, (2, 4) pansi. Vekita (2, −1) ikalowa imatuluka (0, 0), pakuti 2 − 2 ndi ziro, 4 − 4 ndi zironso. Zotsatira zake n'zoti (1, 2) ndi (3, 1), zomwe zimasiyana ndendende ndi (2, −1), zonse zimatuluka (5, 10). Zili ngati anthu awiri athira chimanga chawo m'chigayo pamodzi: ufa ukatuluka, palibe angaloze wake. Wofuna kubweza (5, 10) sangadziwe kumene inachokera, n'chifukwa chake matirikisiwa alibe A⁻¹.

Tengani cholembera muyese (5, 0) pa matirikisi omwewa, muona kuti nayonso ituluka (5, 10).