Kulemba Mau Ofotokozera Kanema Wopemphera Thandizo la Sukulu

Mphunzitsi wachinyamata akafika pasukulu ali ndi foni yabwino m'manja, sipapita nthaŵi aphunzitsi aakulu asanamuitane ndi kumuuza kuti: "Inu aphunzitsi mumadziŵa za makono, tipangireni kanema woti titumize kwa anzathu atithandize." Ndalama yoitanira katswiri wojambula palibe, ndipo nthaŵi yoti nkujambula zatsopano palibenso. Chimene chilipo ndi zithunzi zakale zimene zili m'mafoni a aphunzitsi, ndi tizidutswa tiŵiri titatu ta kanema. Ntchito yaikulu imene yatsala ndiyo kulemba mau amene munthu adzalankhule zithunzizo zikamaoneka, ndipo ntchito imeneyi ili ndi lamulo lake limene ambiri a ife timaliphunzira titalakwa kale: zithunzi ndizo zitsogola, mau atsatira pambuyo.

Tiyerekeze kuti tili pasukulu ina ya pulaimale m'tauni ya Nkhata Bay. Denga la kalasi ya Sitandade 3 likudontha, ndipo mmisiri wayeza ndi kunena kuti pafunika malata 40. Tisanalembe liu ngakhale limodzi, tiyenera kufunsa kuti kanemayu adzaonera ndani. Ku Nkhata Bay funso ili lili ndi yankho lake lodziŵika. Kuyambira nthaŵi ya atsamunda Atonga a m'bomali akhala akupita kukagwira ntchito ku Joni ndi ku Zimbabwe, ndipo lero ana a sukulu zathu ali ku Mzuzu, ku Lilongwe, ku Blantyre ndi kunja komwe. Amenewa ndiwo adzalandira kanemayu pa WhatsApp. Ndi anthu odziŵa doko, odziŵa kulira kwa sitima ya Ilala, odziŵanso mmene mvula imagwera kumudzi kwao. Safuna kuti tiwafotokozere kuti Nkhata Bay ili kuti. Mau oti "sukulu yathu ili m'mbali mwa nyanja yokongola ya Malaŵi" ndi otaya nthaŵi kwa munthu amene anaphunzirira kusambira m'nyanja yomweyo. Yankho lomwelo litithandizanso kusankha chinenero. Ngati oonera ambiri ndi ana a pompano, wofotokoza alankhule Chitonga. Ngati ndi osakanikirana, Chicheŵa chifika kwa ambiri. Alendo ochokera kunja amene anadzachezapo ku Chikale afuna kanema wao wa Chingerezi, wolembedwa mwatsopano, pakuti kumasulira liu ndi liu kumasokoneza muyeso wa nthaŵi umene tinene posachedwapa.

Tsopano tisonkhanitse zimene tili nazo. Tipemphe mwini chithunzi aliyense atipatse chenicheni chimene anajambula, chifukwa chithunzi chimene chadutsa m'mafoni angapo pa WhatsApp chimafika chitachepetsedwa, nkhope zitafufuma. Tinene kuti tapeza zithunzi 60. Tikaziyang'ana chimodzichimodzi tidzaona chinthu chimene chimadabwitsa aliyense woyamba kumene ntchitoyi. Pafupifupi zonse nza masiku a chisangalalo: tsiku la maseŵera, tsiku lotsekera sukulu, tsiku limene kunabwera alendo ana atavala yunifolomu yochapa. Anthu sajambula denga lodontha. Mwina zithunzi zitatu zokha ndizo zikuonetsa m'kati mwa kalasi ya Sitandade 3, ndipo zonse zinajambulidwa dzuŵa likuŵala.

Apa ndipo pagona nkhani yonse ya kalembedwe aka. Wojambula kanema watsopano amayamba walemba nkhani yake, kenaka nkupita kukafuna zithunzi zogwirizana nayo. Ife sitingathe kutero. Tikalemba kuti "ana athu amanyowa ndi kuzizidwa," chikhalirecho pagalasi pakuoneka ana akuseka pabwalo la mpira, woonera adzakhulupirira maso ake ndi kukayika mau athu. Ndiponso chiyeso chimabwera: wina adzati ali ndi chithunzi cha sukulu ina imene denga lake linasasuka ndi mphepo, tichigwiritse ntchito. Tikane. Tauni ndi yaing'ono, ndipo munthu wa ku Joni amene anakhala zaka zisanu ndi zitatu pasukulupo adzazindikira kuti mtengo wa mangowo si wapao. Akazindikira chimodzi chabodza, sadzakhulupiriranso za malata 40 aja.

Njira yake ndi kulola chithunzi chinene zimene chinganene, mau anene zimene chithunzi sichingaonetse. Titenge chimodzi mwa zitatu zija, chimene ana akhala pansi akulemba ndipo pakhoma pali zipsera za madzi. Wophunzira kumene amalemba kuti, "Apa tikuona ana atakhala pansi m'kalasi mwao." Mau amenewa sanaonjezepo kanthu, pakuti woonera ali ndi maso. Koma tikalemba kuti, "Mvula ikayamba, phunziro limatha," tampatsa chimene sakanachiona yekha, ndipo maso ake adzapita okha pazipsera za pakhoma zija. Zithunzi za chisangalalo nazo zili ndi malo ake. Tiziike koyambirira, wofotokoza akunena zoona za izo: "Ili ndi bwalo limene munaseŵerapo." Ngati chithunzi nchakale, chaka chake chilembedwe pakona, kuti pasakhale wonamizidwa.

Tifike tsopano pa masamu, amene ambiri amawanyalanyaza. Kanema wotumiza pafoni akhale wamfupi, chifukwa wolandira amalipira yekha ndalama yomutsitsira, ndipo ambiri saonera mpaka kumapeto kanema akatalika. Ife tisankhe masekondi 90. Chithunzi choima chifuna masekondi asanu kuti diso lichimvetse. Chikapitirira pamenepo chimatopetsa. Tili ndi tizidutswa tiŵiri ta kanema: kena ka masekondi 7 ana akuimba pamzere wa m'maŵa, kena ka masekondi 8 mvula ikugwa pabwalo, kojambulidwa munthu ataima pakhonde. Pamodzi ndi masekondi 15. Atsala masekondi 75, ndiko kuti zithunzi 15. Mwa zithunzi 60 zija, 45 zitsala, ndipo tikonzekere kudandaula kwa mnzathu amene chithunzi chake sichinaloŵe.

Pa tizidutswa tiŵiri tija wofotokoza akhale chete. Tili ndi mau ake kale, ndipo kulira kwa mvula pamalata kumanena za vuto lathu kuposa chiganizo chilichonse chimene tingalembe. Pa chithunzi chilichonse tisiyenso sekondi imodzi yopumira. Motero nthaŵi yolankhula yeniyeni ndi masekondi 60 okha.

Kodi masekondi 60 alandira mau angati? Malangizo ambiri a ntchitoyi analembedwera Chingerezi, ndipo amati munthu amalankhula mau pafupifupi 150 pa mphindi imodzi. Tikatsata chiŵerengero chimenecho m'Chicheŵa tidzalira, chifukwa mau athu ngaatali: liu limodzi loti "amasokonezeka" lili ndi maphatikizo asanu ndi aŵiri. Nchifukwa chake ife tiŵerenge maphatikizo, monga momwe timaphunzitsira ana a Sitandade 1. Munthu woŵerenga modekha amatchula maphatikizo pafupifupi anai pa sekondi. Aliyense ayese yekha ndi wotchi, pakuti malilime amasiyana. Pa muyeso umenewu masekondi 60 ndi maphatikizo 240, amene ndi mau pafupifupi 80. Nkhani yathu yonse ikwane theka la tsamba la kope. Chithunzi chilichonse chilandira maphatikizo osapitirira 16.

Tiyese ndi chiganizo chimene mphunzitsi aliyense angalembe mosavuta: "Chifukwa cha kuchuluka kwa mvula m'dera lathu lino, maphunziro a ana athu amasokonezeka kwambiri nthaŵi ya dzinja." Nchiganizo chabwino m'kalata yopita kwa mlangizi wa sukulu, koma chili ndi maphatikizo oposa 40, ndiko kuti masekondi khumi. Chidzayamba pachithunzi cha kalasi ndi kukathera pachithunzi china chosagwirizana nacho. Chija choti "Mvula ikayamba, phunziro limatha" chili ndi maphatikizo 12. Chitenga masekondi atatu, nkusiya aŵiri kuti woonera ayang'ane.

Polemba, tigaŵe tsamba paŵiri ndi mzere wochokera pamwamba kufika pansi. Kumanzere tilembe nambala ya chithunzi, chimene chikuonetsa ndi masekondi ake; kumanja tilembe mau ake. Pamene pali kadutswa ka kanema, kumanja tilembe kuti "chete". Ubwino wa tsamba lotere ngwakuti cholakwa chimaonekera chokha. Ngati kumanja kuli mau koma kumanzere kulibe choikapo, ndiye kuti tikunena zimene tilibe umboni wake, ndipo mauwo achoke kapena aikidwe pa chikwangwani cholembedwa.

Pempho lenileni lifike kanemayo asanathe, ndipo litchulidwe kaŵiri: pakati, kadutswa ka mvula kaja katangotha, ndi kumapeto. Likhale la chinthu choŵerengeka. "Tithandizeni ndi kalikonse" samuuza munthu chochita. "Tikufuna malata 40, inu tigulireni limodzi" amamuuza. Ife tilangiza kuti mtengo wa lata usatchulidwe pakamwa. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 pa 100 tsiku limodzi, ndipo mitengo ya katundu inasintha msanga. Kanema amayenda m'mafoni miyezi yambiri. Mtengo ukalembedwa pa chikwangwani chomalizira, nkosavuta kusintha chikwangwanicho. Ukakhala m'mau, tiyenera kuitananso wofotokoza. Chimodzimodzinso nambala ya Airtel Money kapena ya Mpamba ilembedwe, isaŵerengedwe, ndipo ikhale pagalasi nthaŵi yokwanira kuti munthu aikopere. Chimene wofotokoza ayenera kunena ndi pakamwa ndicho amene adzasunga ndalamazo, ndiyo komiti ya sukulu, ndi nthaŵi imene opereka adzaonetsedwa denga latsopano. Nambala isakhale ya mphunzitsi wopanga kanemayo, ngakhale atakhala wokhulupirika chotani.

Pa za ana, tisatchule dzina la mwana aliyense, ndipo tisanene kuti uyu ndi wamasiye kapena wodwala pofuna kumvetsa chisoni. Zithunzizi zinajambulidwa pa zifukwa zina, ndipo kholo limene linakondwera mwana wake akujambulidwa pa tsiku la maseŵera silinavomere kuti nkhope yake ikapemphere ndalama ku Joni. Aphunzitsi aakulu aitane makolo a ana amene nkhope zao zikuoneka bwino, awaonetse zithunzizo ndi kuwaŵerengera mau ake. Wina akakana, chithunzicho chichoke. Tili ndi zina 45 zosankhamo.

Chatsala ndi kujambula mauwo. Wofotokoza akhale mmodzi, ndipo kaŵirikaŵiri kholo la m'komiti limene liu lake anthu amalidziŵa limamveka bwino kuposa ife aphunzitsi, amene tikagwira pepala timayamba kulankhula ngati tili pamzere wa m'maŵa. Tisajambule m'kalasi yopanda anthu, chifukwa makoma amabweza mau, kapena panja pamene mwera ukuomba kuchokera kunyanja. Kachipinda kosungiramo mabuku nkabwino, ana ataŵeruka, foni ili patali ngati chikhato chimodzi kuchokera pakamwa. Mzere uliwonse ujambulidwe paokha, kuti wolakwika ubwerezedwe wokha. Tikalumikiza zonse, timuonetse munthu amene sanakhalepo pokonza, ndipo akatha timufunse kuti sukulu ikufuna chiyani ndiponso ndalama zikupita kwa yani. Akalephera kuyankha chimodzi mwa ziŵirizi, tibwerere ku tsamba lathu lija la mbali ziŵiri ndi kukonza mbali ya kumanja.