Mungadziwe bwanji ngati chithunzi chinapentedwa pamanja?

Wogulitsa akakutumizirani pafoni chithunzi chimene akuti chinapentedwa pamanja, musafulumire kulipira. Mupempheni ajambulenso pafupi kwambiri malo a utoto wowala, monga thambo kapena nkhope. Mukachikulitsa n'kuona timadontho tandandanda ta buluu, pinki, chikasu ndi takuda, dziwani kuti chinatuluka m'makina osindikizira mabuku. Makina ena amwaza timadontho mopanda dongosolo ngati fumbi, choncho apendeketsenso chithunzicho pa kuwala kuti muone ngati utoto uli ndi mizere yotukuka ya bulashi.

Kenako yang'anani siginecha. Ngati nayonso yapangidwa ndi timadontho, inasindikizidwa limodzi ndi chithunzicho. Ngati ndi yapamanja, ifananizeni ndi masiginecha odziwika a mmisiriyo a zaka zomwezo.

Pomaliza, achitembenuze. Tiyerekeze kuti akuti n'cha mu 1890, koma nsalu yakumbuyo ndi yoyera mbee ndipo yagwidwa ndi masitepulo. Nthawi imeneyo nsalu ankaikhomera ndi timisomali, ndipo masitepulo anafala cha m'ma 1950. Komabe nsalu yakale imatha kukungidwanso pa matabwa atsopano, choncho funani timabowo tadzimbiri m'mphepete mwake. Tikasowa, zaka akunenazo n'zokayikitsa.