Manambala amene kompyuta imakana kuwerengera

Mlembi wa kopaletivi akawonkhetsa makilo a soya mu Excel n'kupeza chiwerengero chochepa kuposa zomwe zili m'nyumba yosungiramo katundu, asathamangire kuganiza zakuba. Nthawi zambiri vuto limakhala loti manambala ena kompyuta ikuwaona ngati mawu. Kabokosi kakangokhala ndi chilembo chimodzi chosokonekera, fomula ya SUM imakadumpha osanena kanthu.

Tiyerekeze kuti alimi asanu ndi mmodzi abweretsa soya, ndipo m'kolamu B, kuyambira B2 mpaka B7, mwalembedwa motere: 250, 180kg, 420, 95, 3O0 ndi "matumba 5". Munthu akawerenga, podziwa kuti thumba limodzi ndi makilo 50, apeza makilo 1,495. Koma Excel ipereka 670 basi, chifukwa yawerengera 250 ndi 420 zokha.

Chizindikiro choyamba chimaoneka ndi maso: ngati simunasinthe kaimidwe kake, manambala enieni amatsamira kumanja kwa kabokosi pomwe mawu amatsamira kumanzere. Koma pa mizere mazanamazana maso amatopa, choncho gwiritsani ntchito mafomula awiri awa:

```
=COUNTA(B2:B7)
=COUNT(B2:B7)
```

Yoyamba imawerenga timabokosi tonse tokhala ndi kanthu, ndipo ipereka 6. Yachiwiri imawerenga manambala enieni okha, ndipo ipereka 2. Ndiye kuti timabokosi tinayi tili ndi vuto.

Ka 180kg sikavuta kukamvetsa. Nanga 95 walakwa chiyani? Kumapeto kwake kuli mpata wosaoneka, umene umabwera kawirikawiri munthu akakopera zinthu kuchokera pa intaneti. Mukalemba `=LEN(B5)` mupeza 3 m'malo mwa 2. Mpata wamtunduwu fomula ya TRIM siyiuchotsa, pafunika kuutchula ndi nambala yake, `CHAR(160)`.

Pokonza, kolamu B musaikhudze, chifukwa ndiwo umboni wa zomwe zinalembedwa poyamba. Mu C2 lembani fomula iyi, kenako muikokere pansi mpaka C7:

```
=VALUE(TRIM(SUBSTITUTE(SUBSTITUTE(LOWER(B2),"kg",""),CHAR(160),"")))
```

LOWER imasandutsa zilembo zazikulu kukhala zazing'ono kuti "Kg" ndi "KG" zisatsale. SUBSTITUTE imachotsa "kg" ndi mpata wobisika uja, ndipo VALUE ndiyo imasandutsa zotsalazo kukhala nambala. Mizere inayi yoyamba ituluka bwino, koma iwiri yomaliza ionetsa `#VALUE!`.

Apa ndi pamene ambiri amagwera m'mbuna. Ena, pofuna kuti tsamba lioneke laukhondo, amakutira fomula ija ndi IFERROR kuti paliponse pamene pavuta palembedwe 0. Chiwerengero chimakhala 945, ndipo makilo 550 a alimi awiri amazimiririka popanda wodziwa. Ena amafufuta chilichonse chimene si nambala. Akatero, 3O0, momwe wotaipa anadina chilembo O m'malo mwa ziro, amasanduka 30, ndipo "matumba 5" amasanduka makilo 5. Chiwerengero cha 980 chimaoneka chabwinobwino, koma n'chabodza, ndipo palibe chenjezo lililonse lotsala.

Choncho `#VALUE!` si chinthu chobisa ayi, ndi kompyuta ikukulozerani mizere yofunika munthu. Bwererani ku buku la sikelo kapena ku malisiti, mutsimikize kuti 3O0 ndi 300 ndiponso kuti matumba aja analidi a makilo 50, kenako mulembe 300 ndi 250 pamanja. Ngati kulemera kwa katundu wa mlimi wina sikukudziwika, siyani kabokosiko kopanda kanthu. Ziro amatanthauza kuti sanabweretse kalikonse, ndipo amatsitsa avereji.

Samalaninso ndi mpatuliro. Ku Malawi ndi ku Zambia 1,200 ndi chikwi chimodzi ndi mazana awiri, koma ku Mozambique, potsata kalembedwe ka Chipwitikizi, 12,5 ndi khumi ndi ziwiri ndi theka. Mukangofufuta mpatuliro pa fayilo yochokera ku Tete, 12,5 asanduka 125. Fomula ya `=NUMBERVALUE(B2,",",".")`, yomwe ilipo kuyambira mu Excel 2013, imakulolani kunena nokha chizindikiro cholekanitsa nambala yathunthu ndi tizigawo take.

Palinso makolamu osayenera kusinthidwa n'komwe. Nambala ya foni yoyamba ndi 099 kapena 088 ikasandutsidwa nambala yowerengera imataya ziro wake woyamba. Chilichonse chimene simudzachiwonkhetsa, chisiyeni chikhale mawu.

Mukamaliza, yesaninso COUNT pa kolamu C: ipereke 6, ndipo SUM ipereke 1,495. Kuti vutoli lisabwerere chaka chamawa, lembani "kg" pamutu pa kolamu pokha, ndipo pa Data Validation sankhani Decimal, kuti wotaipa akalemba "matumba 5" Excel imukanire nthawi yomweyo, mlimi akadali pa sikelo.