Malisiti atatu, koma uthenga uwiri: ranki ya matirikisi

Wophunzira amachoka ku sekondale ndi lamulo ili m'mutu: zinthu zosadziwika zikakhala zitatu, pafunikanso maikwezhoni atatu, ndipo yankho lipezeka. Lamuloli limagwira ntchito pa mayeso chifukwa wolemba mafunso amasankha manambala omvera. Kosi yoyamba ya aljebura ya mizere ku yunivesite imaligwetsa pofunsa funso lina: mwa maikwezhoni atatuwo, ndi angati amene akunenadi chinthu chatsopano? Nambala yoyankha funsoli ndi imene akatswiri a masamu amaitcha ranki.

Tiyerekeze kuti anthu atatu agula makope, mapeni ndi mapensulo m'sitolo imodzi, ndipo lisiti la aliyense likungoonetsa ndalama zonse pamodzi. Woyamba wagula kope limodzi, mapeni awiri ndi pensulo imodzi, walipira K1,300. Wachiwiri wagula makope awiri, peni imodzi ndi mapensulo atatu, walipira K1,900. Wachitatu wagula makope anayi, mapeni asanu ndi mapensulo asanu, walipira K4,500. Mtengo wa kope tiutche x, wa peni y, wa pensulo z, ndipo ndalama tiziwerenge m'mahandiredi. Tikachotsa zilembo n'kusiya manambala okha m'mizere, chotsalacho ndiye matirikisi:

```
1  2  1 | 13
2  1  3 | 19
4  5  5 | 45
```

Poyang'ana ndi maso palibe chokayikitsa. Palibe mzere wofanana ndi unzake, ndipo palibe umene uli unzake wochulukitsidwa. Apa ndi pamene ambiri amapunthwa, chifukwa amayerekeza mizere iwiriiwiri n'kunena kuti zonse zili bwino, pomwe kudalirana kumatha kubisala pakati pa mizere itatu.

Njira yovumbulira zimenezi ndi yakale. Buku la masamu la ku China la mitu isanu ndi inayi, lolembedwa zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, linali nayo kale, ngakhale kuti lero imadziwika ndi dzina la Carl Friedrich Gauss wa ku Germany. Timagwiritsa ntchito mzere woyamba kufafaniza x m'mizere inayo. Ku mzere wachiwiri tichotse woyamba kawiri, ku wachitatu tichotse woyamba kanayi. Mizere iwiri yapansiyo ituluka yofanana ndendende: 0, −3, 1, ndi −7 kumanja kwa kamzere. Tikachotsa wina ku unzake, wachitatu utheratu:

```
1   2  1 | 13
0  -3  1 | -7
0   0  0 |  0
```

Mzere wa maziro okhaokhawo ukutiuza kuti lisiti lachitatu silinabweretse kanthu. Munthu wachitatu uja wagula katundu wa woyamba kawiri, n'kuwonjezapo katundu wa wachiwiri, ndiye ndalama zake tikanazidziwa ngakhale osaona lisitilo: 13 kawiri ndi 26, kuphatikiza 19 ndi 45. Mzere umene ungapangidwe pochulukitsa ndi kuphatikiza inzake timati ndi wodalira inzakeyo. Mizere imene palibe ndi umodzi womwe wopangika chotero timati ndi yodziimira payokha. Ranki ndi kuchuluka kwa mizere yodziimira payokha imene mungathe kusankha, ndipo imaoneka powerenga mizere yosakhala maziro ikatha ntchito yofafaniza ija. Pano ranki ndi 2.

Nanga mitengo ija? Mzere wachiwiri ukuti z = 3y − 7, ndipo tikalowetsa zimenezi mu woyamba tipeza x = 20 − 5y. Mtengo wa peni palibe choumanga. Ikakhala K300, kope ndi K500, pensulo K200. Ikakhala K350, kope ndi K250, pensulo K350, ndipo malisiti onse atatu akuvomerabe, yesani nokha. Peni ikakwera ndi K100, kope n'kutsika ndi K500, pensulo n'kukwera ndi K300, palibe lisiti limene lingazindikire kuti china chasintha. Mayankho ndi osawerengeka, koma sanamwazikane chisawawa: onse ali pa njira imodzi yowongoka. Njirayo ndi imodzi chifukwa zosadziwika ndi zitatu, ranki ndi 2, ndipo 3 kuchotsa 2 ndi 1. Ranki ikanakhala 1, tikanakhala ndi mitengo iwiri yoti tisankhe mmene tafunira.

Tsopano tisinthe nambala imodzi yokha. Tinene kuti lisiti lachitatu likuti K4,600. Kumanzere zonse ziyenda monga poyamba, koma mzere womaliza utuluka `0 0 0 | 1`, kutanthauza kuti ziro ndi wofanana ndi 1. Palibe mitengo imene ingakwaniritse zimenezo. Wina walakwitsa powonkhetsa kapena mtengo unasintha. Mwa ranki tinganene chonchi: manambala a kumanzere okha ali ndi ranki 2, koma tikawerengera ndi ndalama za kumanja ranki ikukwera kufika 3. Maranki awiriwa akasiyana, yankho palibe. Akafanana, yankho lilipo, ndipo limakhala limodzi lokha pamene rankiyo yafanana ndi kuchuluka kwa zosadziwika. Mabuku ambiri amatchula mfundoyi ndi maina a Rouché ndi Capelli.

Yankho limodzilo tilione. Munthu wachitatu akanagula mapensulo asanu ndi imodzi n'kulipira K4,700, mzere womaliza ukanakhala `0 0 1 | 2`. Pensulo ndi K200, choncho peni ndi K300, kope K500, basi. Pensulo imodzi yoonjezerayo yakweza ranki kufika 3.

Ophunzira amene anazolowera detaminanti amagwa m'mbuna pano. Akaipeza kuti ndi ziro amalemba msanga kuti yankho palibe. Komatu lisiti la K4,500 ndi la K4,600 onse ali ndi detaminanti ya ziro, popeza kumanzere n'kofanana, pomwe lina lili ndi mayankho osatha ndipo lina lilibe ngakhale limodzi. Detaminanti siyang'ana kumanja, ndiponso ilibe ntchito ngati maikwezhoni achuluka kapena achepa poyerekeza ndi zosadziwika. N'chifukwa chake ine ndimaona kuti ranki ndiyo yoyenera kuphunzitsidwa poyamba.

Chodabwitsa n'chakuti mukawerenga chotsika, m'mizati m'malo mwa mizere, ranki imatuluka yomweyo. M'matirikisi yathu yoyamba mzati wa mapeni, 2, 1, 5, ndi mzati wa makope kasanu kuchotsa wa mapensulo katatu. Manambala 5 ndi 3 amenewa ndi omwe aja a K500 ndi K300, ndipo si mwangozi: kudalirana kwa mizati ndiko kumalola mitengo kusuntha malisiti osasintha.

Pali malire amene zitsanzo za m'kalasi zimabisa. Manambala ochokera pa sikelo kapena pa chipangizo choyezera sapereka ziro weniweni. Mzere womaliza utha kutuluka `0 0 0.01`, ndipo papepala ranki ndi 3, yankho ndi limodzi. Koma popeza z timagawa ndi 0.01, choncho cholakwa cha 1 kumanja chimasuntha z ndi 100. Yankho lotere lilipo koma n'losadalirika. Mapulogalamu a kompyuta, monga `numpy.linalg.matrix_rank`, sawerenga mizere ya maziro. Amayeza kuti matirikisi yayandikira motani ku kudalirana, ndipo chilichonse chochepera pa malire ena amachitenga ngati ziro. Malirewo wogwiritsa ntchito atha kuwasintha, ndipo ayenera kuwaika molingana ndi kukula kwa zolakwa za chipangizo chimene anayezera.