Mbiri ya Wosewera m'Mawu 100

Mbiri ya wosewera imene imalembedwa m'kabuku ka ndondomeko ya mpikisano ndi ndime imodzi yokha, ya mawu pafupifupi 100, yokhala pansi pa chithunzi chake. Woiwerenga amakhala ali kale pabwalo, phokoso lili wowowo, matimu akutenthetsa thupi. Diso limodzi lili pa pepala, lina pa osewera. Munthu wotereyu akufuna kudziwa zinthu zitatu: ameneyu ndani, wachitapo chiyani, nanga lero ayembekezere zotani kwa iye.

Ntchito imayamba ndi kusonkhanitsa mfundo. Wolemba amafunsa dzina lonse ndi kalembedwe kake, chaka chobadwa, kumudzi, malo amene amasewera, matimu amene wadutsamo ndi zaka zake, komanso zikho ndi mphotho. Zonsezi amazitsimikiza kwa mwini wake ndiponso kwa mlembi wa timu kapena wa bungwe loyendetsa masewerowo. Za m'maluwa sizilowa m'kabuku, chifukwa cholakwika chikasindikizidwa chimafika kwa aliyense amene wagula tikiti ndipo sichibwezeka.

Chovuta kwambiri ndi kusankha, makamaka wosewera akakhala ndi mbiri yaitali. Chitsanzo chabwino ndi Mwawi Kumwenda, katswiri wa ntchemberembaye. Kabuku kokonzedwera masewero a Commonwealth a 2018 ku Gold Coast, m'dziko la Australia, kakadatha kunena za iye motere:

"Mwawi Kumwenda, womwetsa zigoli wa Malawi Queens, adasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse pa mpikisano wa dziko lonse wa 2015 ku Sydney, komwe Malawi idathera pa nambala 6. Adabadwa mu 1989 m'boma la Mzimba ndipo adatchukira ku Escom Sisters ya ku Blantyre. Mu 2011 adapita ku Australia kukasewera mu timu ya Peninsula Waves, kenako adalowa Tactix ya ku New Zealand mu 2014. Kuyambira 2017 ali ku Melbourne Vixens."

Apa mawu sadakwane 70, koma mutu wa nkhani waoneka kale. Chiganizo choyamba chanyamula dzina, malo osewera, timu ndi chinthu chachikulu koposa chimene wosewerayu adachita. Tsiku lobadwa siliyenera kutsogola, pakuti wowerenga wina amalekera pa chiganizo choyamba chomwecho wenzulo ikalira. Onaninso kuti chalembedwa ndi chaka chobadwa osati zaka zakubadwa. Kabuku kamapita kosindikiza mpikisano usanayambe, ndiye wina amene adalembedwa kuti ali ndi zaka 28 akhoza kulowa m'bwalo atakwanitsa 29.

Mawu 30 otsalawo ndi amtengo wapatali, ndipo olemba ambiri amawamwaza. Amadzazapo zoti wosewerayo ndi wolimbikira, wodzichepetsa, wokonda masewero kuyambira ali mwana. Njira yodziwira kuti chiganizo n'chachabe ndi yapafupi: chotsanipo dzina, ikanipo la mnzake wa mu timu. Chikamvekabe choona, chifufutidwe. Malo amenewo ayenera kupatsidwa chinthu chimene woonerera angachione ndi maso ake masewero akayamba, monga mtunda umene womwetsa zigoli amakonda kuponyera, mmene amadumphira polanda mpira, kapena zigoli zimene wamwetsa chaka chimenecho ngati kaundula wake alipo. Izi amadziwa bwino ndi mphunzitsi wa timu, ndipo kumuimbira foni kwa mphindi zochepa kumakwanira.

Mbiri yotere imakalamba msanga. Pa mpikisano womwewo wa 2018 Malawi idagonjetsa New Zealand ndi zigoli 57 kwa 53, ndipo mu 2020 Kumwenda adatenga chikho cha ligi ya Australia ndi Vixens. Wokopera ndime yakale m'kabuku katsopano akhoza kusiya zonsezi, mwinanso kumuika wosewera ku timu imene adachokako kalekale. Dzina nalonso limafuna chisamaliro. Ku Australia ndi ku New Zealand ambiri amalemba kuti Mwai pamene kwawo ku Malawi amalemba Mwawi, choncho woyenera kunena kalembedwe koti kasindikizidwe ndi mwini dzina. Nkhani za kuvulala, matenda ndi za m'banja zimalowa pokhapokha iye atavomera.

Kabuku kakakhala ka zinenero ziwiri pamabuka vuto la malo. Liwu limodzi la Chichewa ngati "adasankhidwa" limanyamula zimene Chingerezi chimanena m'mawu atatu, motero mawu 100 a Chichewa amadya mizere yambiri kuposa mawu 100 a Chingerezi. Wolemba afunsiretu kwa wokonza masamba kuti danga likulowa zilembo zingati. Ndime ikasefukira, osindikiza amadula kuchokera kumunsi, n'chifukwa chake mfundo yopepuka kwambiri imaikidwa m'chiganizo chomaliza.