Kukonza nsidze pa chithunzi popanda kuoneka kuti zakonzedwa

Chithunzi chokonzedwa pa kompyuta chimadziulula msanga pa nsidze. Khungu likhoza kusalala bwino, koma nsidze zikangokhala mzere wakuda bii, aliyense amadziwa kuti pagwira dzanja. Chifukwa chake n'chakuti nsidze si mzere. Ndi titsitsi tambirimbiri, ndipo pakati pake khungu limaonekera.

Wokonza aliyense amayamba ndi kuona kumene titsitsito taloza. Pafupi ndi mphuno timamera choimirira ndipo timakhala patalipatali. Pakati timapendekera kukhutu, ndipo apa m'pamene nsidze imathithikana. Kumchira timagona choloza pansi, tikucheperachepera.

Tiyerekeze kuti tili ndi chithunzi cha mkwatibwi amene nsidze yake yakumanzere yaperepeseka kumchira. Mu Photoshop, tsegulani Layer yatsopano kuti chithunzi chenicheni chisakhudzidwe. Chikuzeni kufika pa 100%, muone kunenepa kwa katsitsi kamodzi, ndipo Brush yanu ikhale yofanana nako. Kawirikawiri mapikiselo 1 mpaka 3 amakwana. Pa Shape Dynamics sankhani Fade, kapena Pen Pressure ngati muli ndi cholembera cha kompyuta, kuti mzere uliwonse uzithera kosongoka.

Mtundu musautenge m'mutu. Dinani Alt n'kuutola pa nsidze yomweyo, malo atatu osiyana: pakuda kwambiri, pakatikati ndi pamene kuwala kwagunda. Kenako jambulani timizere tifupitifupi kuchokera kumuzu, motsatira titsitsi toyandikana nato. Tina titalikeko, tina tipingasane pang'ono. Mukatha, onani ngati timizere tanu sitikuthwa kuposa tsitsi lenileni. Ngati tikutero, Gaussian Blur ya pafupifupi 0.4 imatifewetsa kuti tilowerere m'chithunzi.

Ena amadula njira pokopera nsidze yakumanja n'kuitembenuza. Zikatero kuwala kumakhala kukuchokera mbali yolakwika, ndipo nkhope imauma chifukwa palibe munthu amene nsidze zake zimafanana ndendende. Ngati pakufunika kukweza nsidze pang'ono, Liquify imathandiza, koma muzikankha ndi burashi yaikulu, chifukwa yaing'ono imapinda tsitsi n'kukoka chikope.

Posintha mtundu, vuto lalikulu ndi kudetsa khungu limodzi ndi tsitsi. Izi zimachitika mukapaka nsidze yonse pa Multiply, makamaka pa khungu loderapo pamene tsitsi ndi khungu sizisiyana kwambiri. Ndi bwino kugwiritsa ntchito Curves, kuibisa yonse ndi Layer Mask yakuda, kenako kuibweza pa titsitsi tokha ndi burashi yoyera yopyapyala. Kumutu kwa nsidze kuzikhala kopepukirapo kusiyana ndi pakati.

Pomaliza, chepetsani chithunzi kufika pa kukula kumene chidzasindikizidwe, ndipo muzizimitsa ndi kuyatsa Layer yanuyo. Ngati maso akuthamangira pa nsidze asanafike pa maso a mkwatibwi, tsitsani Opacity mpaka zilekeke.