Kanyali ka Chikasu Kakayaka, Sinthani Babu

Pa dashibodi ya galimoto zambiri zamakono pali kanyali ka chikasu kooneka ngati babu. Kakayaka, ndiye kuti kompyuta yaona kuti nyali ina yakunja siyikukoka magetsi okwanira. Kawirikawiri kawaya ka m'kati mwa babu kamakhala kataduka, ngakhale fyuzi kapena dzimbiri zimachititsanso.

Choopsa ndi nyali ya mabuleki, chifukwa dalaivala sayiona. Pa liwiro la makilomita 80 pa ola, galimoto imayenda mamita 22 pa sekondi imodzi. Wam'mbuyo akachedwa kuzindikira kuti mnzake akuima, wamugunda basi. Nayo galimoto ya diso limodzi usiku pamsewu wa M1 imaoneka ngati njinga yamoto.

Woyendetsa apemphe mnzake aponde mabuleki, iye akayang'ane kumbuyo, babu lakufalo alisinthe lero.